Raketi ndi mpira wa mwana wanu: mayankho kwa makolo a ana a tenesi ya Loweruka ku Chilenje

Makolo okondedwa, mafunso ali m'munsiwa ndi anu omwe. Ena munandifunsa pa geti mutabwera kudzatenga ana, ena pa foni madzulo. Ndawalemba pamodzi kuti aliyense awerenge asanatulutse ndalama, chifukwa temu yathayi ana 4 anabwera ndi maraketi amene sakanatha n'komwe kuwagwedeza bwino, ndipo mtima unandiwawa podziwa kuti makolo awo anadzimana kuti awagulire.

Mwana wanga ali ndi zaka 6. Ndimugulire raketi yotani?

Zaka zimangotilozera poyambira. Chimene ndimayang'ana kwenikweni ndi msinkhu. M'kalasi mwathu muli atsikana awiri obadwa chaka chimodzi, wina amalekeza paphewa la mnzake, ndipo sangagwire raketi yofanana.

Maraketi amayezedwa m'mainchesi, ndipo nambala yake imalembedwa pambali pa raketi kapena pa chikwama chake. Ya munthu wamkulu ndi 27, kutanthauza masentimita pafupifupi 68. Za ana zimayambira pa 17, kenako 19, 21, 23, 25 ndi 26. Muimiritseni mwana pakhoma wopanda nsapato, muike chizindikiro ndi pensulo, muyeze ndi tepi ya atelala. Ngati sanafike mita imodzi, 17 kapena 19. Kuchokera pa mita imodzi kufika cha m'ma masentimita 113, mutengereni 21. Kuyambira pamenepo mpaka cha m'ma 125, ndi 23. Raketi ya 25 ndi ya mwana amene wadutsa 125, ndipo 26 imadikira mpaka atafika cha m'ma 140. Ana ambiri a zaka 6 amagwera pa 21 kapena 23, koma wanuyo muyezeni ndithu.

Nanga ngati ndilibe tepi, ndili kale m'sitolo?

Pitani naye mwanayo, musamusiye kunyumba. Aime chilili, agwire raketi kumapeto kwa chogwirira, dzanja alitsitse m'mbali mwa mwendo, mutu wa raketi uloze pansi. Ikangokhudza pansi pang'ono kapena kutsala chala chimodzi kuti ikhudze, ndi yake. Mukaona akupinda chigongono kapena kukweza phewa kuti isakhuluzike pasimenti, yamukulira. Kenako muuzeni aitambasule kutsogolo ndi dzanja limodzi ndipo muwerenge mpaka 20 pang'onopang'ono. Mutu wa raketi ukayamba kuwerama musanamalize, ndi yolemera.

Ikakhala kuti mwana ali pakati pa masaizi awiri, ine ndimasankha yaifupi.

Koma aphunzitsi, ana amakula msanga. Bwanji ndigule yaikulu adzakuliremo?

Funso ili ndimalimvetsa kuposa onse, chifukwa nanenso ndine kholo, ndipo yunifolomu ya mwana wanga ndinagula yofika m'maondo kuti imufikitse giredi 3. Pa yunifolomu nzeru imeneyi imagwira. Pa raketi ayi. Malaya aakulu mwana amangopinda mikono n'kumapita. Raketi yaikulu imamuphunzitsa kumenya molakwika, ndipo chizolowezicho chimakakamira.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Mnyamata wina wa zaka 7 anabwera ndi raketi ya amalume ake, ya 27, yabwino kwambiri. Poti inkamulemera, ankaigwira pakati, pafupi ndi khosi lake, chogwirira chikumubaya m'mimba. Mpira ukabwera ankachedwa kubweza dzanja, ndiye ankaukankha ndi thupi lonse ngati akutsegula chitseko chothina. Mphindi 15 zisanathe anali atakhala pansi akusisita mkono wake, akuti tenesi ndi yovuta. Loweruka lotsatira ndinamubwereka 23 ya m'thumba langa. Tsiku lomwelo tinabwezerana mpira ka 9 osaduka, ndipo anathamangira kwa amayi ake akufuula nambalayo. Mwanayo sanasinthe m'sabata imodzi. Chimene chinasintha ndi chimene chinali m'manja mwake.

Raketi yaitali imaika kulemera kutali ndi dzanja, ndiye polumikizira dzanja, chigongono ndi phewa la mwana zimanyamula katundu woposa mphamvu zake. Taganizani khasu la abambo m'manja mwa mwana wa zaka 6. Kulima alima, koma mzere sungawongoke, ndipo mawa lake sadzafunanso kupita kumunda.

Ya amalumeyo musataye. Ikulungeni, muisunge posafika dzuwa, nthawi yake idzakwana.

Mipira yofiira, ya olenji, yobiriwira, kusiyana kwake n'kotani?

Mitunduyi si yokongoletsa. Bungwe loyendetsa tenesi padziko lonse la ITF linaika lamulo kuyambira 2012 kuti mipikisano ya ana a zaka 10 kutsika isaseweredwe ndi mpira wachikasu wa akuluakulu, koma ndi mipira itatu yochedwa iyi.

Wofiira ndi woyambira, wa ana a zaka 5 mpaka 8. Ndi waukulu kuposa yonse, masentimita 7 mpaka 8 kukula kwake, pamene wachikasu sufika 7. Ndi wofewa, wopepuka, ndipo liwiro lake ndi lochepa ndi 75 peresenti poyerekeza ndi wachikasu. Umaseweredwa pa kabwalo ka mamita 11 m'litali, neti yake masentimita 80, raketi yosapitirira 23. Ndi chifukwa chake timatha kujambula timabwalo tathu ndi choko pa bwalo la netibo lija.

Wa olenji ndi wa zaka 8 mpaka 10. Kukula kwake n'kofanana ndi wachikasu, koma liwiro ndi theka. Bwalo limatalika kufika mamita 18, raketi 23 mpaka 25. Wobiriwira, womwe nthawi zambiri umakhala wachikasu wokhala ndi kadontho kobiriwira, ndi wochedwa ndi 25 peresenti yokha, ndipo umaseweredwa pa bwalo lonse ndi raketi ya 25 kapena 26.

Chenjerani ndi manambala a pa paketi. Wofiira ndi siteji 3, wa olenji siteji 2, wobiriwira siteji 1. Amawerengedwa chobwerera. Bambo wina anagula siteji 1 poganiza kuti 1 ndiye poyambira, ndipo palibe angawadzudzule.

Kunyumba tili ndi mipira yachikasu yakale. Siingagwire ntchito?

Vuto la wachikasu ndi kudumpha. Ukagwetsedwa kuchokera pa masentimita 254, monga amauyesera, umanjanja kufika pakati pa 135 ndi 147. Mwana wa zaka 6 msinkhu wake uli cha m'ma 115. Ndiye mpirawo umamudutsa pamutu, iye n'kumamenya m'mwamba ngati akuthamangitsa njuchi. Wofiira poyesedwa chimodzimodzi umalekeza cha pa mita imodzi, ndipo pa bwalo umamupeza mwana m'chiuno, pamene mkono umamenya momasuka.

Ife a mu Lusaka tili ndi chifukwa china. Mzinda wathu uli pamalo okwera, mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepukirako, ndiye mpira umathamanga ndi kudumpha kuposa mmene ungachitire kumalo otsika. Onjezanipo simenti yotentha ya mu Okutobala. Ngati kwina mwana amavutika ndi wachikasu, kuno amavutika koposa.

Wachikasu wakale wophwa mphepo nawonso si wofiira. Umakhalabe wolemera, umangofa pansi osadumpha. Gwiritsani ntchito poponyerana ndi kuwakha pabwalo la kunyumba, kumeneko ndi wabwino.

Ndaona mipira ya siponji. Ndi yomweyo?

Ndi gulu la wofiira lomwelo, koma waukulupo, masentimita 8 mpaka 9. Ndi wabwino kwa mwana wa zaka 4 kapena 5, komanso m'nyumba, poti suswa mawindo. Panja mphepo ya Ogasiti imauulutsa ngati pepala, ndipo simenti yokhakhala imaudya msanga. Pa bwalo lathu gulani wofiira wa ubweya.

Ndingadziwe bwanji kuti yakwana nthawi yosintha?

Pa raketi, bwerezani muyeso uja poyambira temu iliyonse. Mukaona mutu wa raketi watalikirana ndi pansi kuposa zala zitatu kapena zinayi, tikambirane.

Pa mpira, chonde ndisiyireni ine. Sitisuntha mwana chifukwa wakwanitsa zaka 8, kapena chifukwa mwana wa aneba wasuntha. Ndimafuna ndione akubwezerana ndi mnzake ka 10 kapena 15 mosavutika, akuyambitsa mpira yekha kuchokera m'mwamba, akuloza kumene akufuna kuti mpira upite, ndiponso akuwerenga yekha zigoli. Ndikudziwa kuti kholo limamva kukoma kuona mwana ali pa bwalo lalikulu. Koma ana amene ndinawathamangitsa kale ndili wosazindikira, ambiri ndinawabwezanso. Kukhalitsa temu imodzi pa wofiira sikunapwetekepo mwana aliyense amene ndamuphunzitsa.

Ya pa salaula ili bwino?

Ili bwino kwambiri, ndipo musachite nazo manyazi. Maraketi a ana ambiri ndi a aluminiyamu, ndipo mwana amaikula raketi isanathe. Mukaipeza ku Soweto kapena ku Kamwala, igonekeni pamalo osalala muone ngati mutu wake sunapindike. Yendetsani chala kuzungulira felemu kufufuza ming'alu. Dinani zingwe ndi chala chachikulu, zisakhale zofooka ngati ukonde wa nsomba, ndipo pasakhale yoduka. Chogwirira chonyentchera chisakubwezeni, timakulunga tepi yatsopano m'mphindi zochepa. Onetsetsani kokha kuti zala za mwana zikuzungulira chogwiriracho, kutsala kampata kakang'ono pakati pa nsonga za zala ndi chikhatho.

Za pulasitiki zogulitsidwa pamodzi ndi zidole zisiyeni, ndipo musasokoneze ndi raketi ya badimintoni kapena ya sikwashi, zomwe zili ndi khosi lalitali lowonda. Mukakayika, jambulani mwana ataigwira monga ndafotokozera, munditumizire musanalipire.

Mwezi uno ndalama palibe. Mwana asiye kaye?

Ayi, abwere. M'thumba mwanga muli maraketi 8 obwereka, a 19, 21 ndi 23, ndipo mipira yonse ya pa kalasi ndi yanga. Kwa mwana woyamba kumene ndimakonda kuti abwereke masabata 4 kapena 5, tione saizi imene yamukhala komanso ngati masewerawa wawakondadi. Inu amene ana anu akula kuposa maraketi awo, bweretsani Loweruka likubwerali, tidzawaika pa benchi kuti musinthane ndi makolo anzanu. Tidzayamba 8 koloko, ndipo tepi yoyezera ndidzabwera nayo. Mwana abwere ndi botolo la madzi ndi chipewa.