Kalata yodziwitsa za kutuluka m'nyumba

Kamuzu Road,
Salima.
29 Seputembala 2025

Okondedwa Bambo Phiri,

ZA KUTULUKA M'NYUMBA YANU NDI KUBWEZA KWA DIPOZITI

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mayi kunyumbako. Ife kuno tili bwino.

Ndalemba kalatayi kukudziwitsani kuti ndidzatuluka m'nyumba yanu ya pa Kamuzu Road, imene ndakhala ndikuchita lendi kuyambira mu Malichi 2022. Kuntchito andisamutsira ku Dwangwa, ndipo ndikuyenera kukayamba kumeneko kumayambiriro a Novembala. Monga tinapanganirana polowa kuti wofuna kutuluka azinena kudakali mwezi wathunthu, kalata ino ndiye notisi yanga.

Makiyi ndidzapereka Lachisanu, pa 31 Okutobala 2025, nthawi ya 9 koloko m'mawa. Katundu tidzapakira mbandakucha, dzuwa la Okutobala lisanayambe kuwotcha, kotero mudzapeza nyumba ili yopanda kanthu komanso yokolopa. Chonde mudzabwere nokha, kapena mudzatume munthu amene mumamukhulupirira, kuti tidzayendere limodzi chipinda chilichonse.

Lendi ya Okutobala, K120,000, ndidzalipira pa 1 monga mwa nthawi zonse. Bilu ya madzi ya ku Central Region Water Board ndidzamaliza ndisanachoke, ndipo lisiti mudzaliona tsiku lomwelo. Magetsi a ESCOM ndi ogula mayunitsi, ndiye kumeneko kulibe ngongole.

Tsopano nkhani ya dipoziti. Polowa ndinakupatsani K100,000, ndipo pepala limene tinasayinirana ndikadali nalo. Ndikupempha kuti ndalamayi mudzandibwezere tsiku lopereka makiyilo, tikangomaliza kuyendera nyumba. Sindikubisirani bambo, eni nyumba imene ndapeza ku Dwangwa akufuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, ndipo galimoto yonyamula katundu nayo ikufuna yake. Ndikudalira kwambiri ndalama imeneyi. Ngati kudzakhale kovuta kubweretsa pamanja, mutha kutumiza pa Airtel Money, pa nambala yomwe ndimakutumizirani lendi ija.

Mukadzapeza chinthu chimene taononga ife, tidzakambirane mtengo wake pomwepo ndipo mudzachotsere pa dipozitiyo, sindidzakana. Koma kudontha kwa denga la kukhitchini, kumene ndinakuuzani m'dzinja lapitali, n'kwa malata amene achita dzimbiri, choncho ndikupempha kuti kusadzawerengedwe kwa ine. Ndi bwinonso kukonzeratu mvula isanagwe, chifukwa siling'i ya pamenepo yayamba kufufuma.

Ngati pali ofuna kudzaona nyumbayi, abwere Loweruka lililonse masana, mungondiimbira kaye foni.

Zikomo kwambiri chifukwa mwatisunga bwino zaka zonsezi. Sindidzaiwala m'mene munatilezera mtima mwezi uja malipiro anachedwa mwana ali m'chipatala. Chonde mundiyankhe sabata ino ngati tsiku ndi nthawi zimenezi zili bwino kwa inu.

Ine mwana wanu,
Bambo a Chikondi