Kalata Yowonjezera Nthawi Yoyesedwa pa Ntchito

Ofesi ya Woyang'anira Nthambi
Luwinga, Mzuzu

26 Malichi 2025

Kwa Bambo Mhango
Wosunga Katundu, Nthambi ya Mzuzu

Okondedwa Bambo Mhango,

KUWONJEZERA NTHAWI YOYESEDWA PA NTCHITO MPAKA PA 30 JUNI 2025

Ndikulemba kalatayi potsatira zomwe tinakambirana mu ofesi yanga Lachisanu pa 21 Malichi, pamodzi ndi wowerengera chuma wathu. Munayamba ntchito yosunga katundu pa 1 Okutobala 2024, ndipo mgwirizano womwe munasainira umati miyezi 6 yoyamba ndi ya pulobeshoni. Miyeziyo ikutha pa 31 Malichi. Nditaunika kagwiridwe kanu ka ntchito, ndaganiza zoti ndisakutsimikizireni udindowu pakadali pano, komanso ndisakuchotseni. Ndikuwonjezera miyezi itatu, kuyambira pa 1 Epulo mpaka pa 30 Juni 2025.

Zonse pamodzi zikhala miyezi 9. Gawo 26 la lamulo lolembana ntchito la m'chaka cha 2000 limati nthawi yoyesedwa isapitirire miyezi 12, choncho tili mkati mwa lamulo. Malipiro anu, masiku a tchuthi ndi zina zonse za mu mgwirizano sizisintha.

Ndiyambe ndi zomwe mwachita bwino, chifukwa ndi zomwe zachititsa kuti kalatayi isakhale yotsanzikana. Munabwera pa nthawi yothina, alimi ali kalikiliki kugula feteleza ndi mbewu, ndipo simunathawe ntchito. Pa 12 Disembala lole ya matani 30 inafika mdima utayamba, mvula ikugwa, aganyu ambiri atapita. Munakhala mpaka thumba la nambala 600 litalowa m'nyumba, ndipo ndinu amene munaona kuti matumba anayi anali ong'ambika n'kumuuza dalaivala asainire asananyamuke. Alimi ochokera ku Ekwendeni, ku Rumphi ndi ku Mpherembe amamasuka nanu chifukwa mumawafotokozera m'Chitumbuka chomveka, ndipo ndakumvani kangapo mukuuza munthu kuti yureya ndi wobereketsa, asamugule ngati wokulitsa, ngakhale kuti kutero kunachititsa kuti agule zochepa. Pa miyezi yonseyi palibe ndi tambala yomwe yasowa chifukwa cha inu. Ndikufuna zimenezi zilembedwe poyera: sindikukayikira kukhulupirika kwanu.

Vuto lalikulu ndi lakuti katundu amayenda msanga kuposa cholembera chanu.

Pa 31 Januwale titawerenga sitoko, khadi la yureya linkasonyeza matumba 412, koma pansi tinapeza 394. Anasowa 18. Zinatitengera masiku atatu, inu, ine ndi wowerengera chuma, kuti tipeze komwe anapita. Matumba 15 munawakweza pa galimoto yopita ku sitolo yathu ya ku Ekwendeni woyang'anira kumeneko atangokuimbirani foni, popanda chikalata chotulutsira katundu. Atatu enawo anatengedwa ndi kasitomala amene analipira pa Mpamba, risiti yake n'kukhala m'thumba la ovolosi yanu sabata yathunthu. Pa 28 Febuluwale zinachitikanso: mapaketi 7 a mbewu ya chimanga a makilogalamu awiri sanagwirizane ndi khadi. Anapezeka, inde, koma anapezeka chifukwa munakumbukira, osati chifukwa panali polembedwa.

Munandiuza kuti mzere ukatalika mumaona kuti ndi bwino kuthandiza anthu kaye n'kulemba madzulo. Ndikumvetsa mtima umenewo. Mlimi amene wakwera minibasi m'bandakucha kuchokera ku Bolero safunika kumuimika padzuwa. Koma taganizirani izi. Pa masiku atatu aja, anthu onse amene amalowa m'nyumba ya katundu anali okayikiridwa: alonda awiri, aganyu, ngakhale inuyo. Mlonda wa usiku anabwera kwa ine maso ali ofiira kudzandifunsa ngati ntchito yake yatha. Khadi lija limateteza kampani, koma limatetezanso inu ndi anzanu amene alibe pena podziikira kumbuyo. Tsiku lina mudzadwala kapena mudzapita kumaliro, ndipo zomwe zili m'mutu mwanu zidzapita nanu. Ndiponso ku likulu amatitumizira katundu potengera manambala a pa khadi. Khadi likanama, timaitanitsa zomwe tili nazo kale, zomwe zatha n'kumasowa.

Chachiwiri ndi kasanjidwe. Mzuzu si Karonga. Kuno mvula imagwa mpaka Epulo ndi Meyi, kenako kumabwera nkhungu ndi mawawa a mu Juni, ndipo makoma ndi simenti yapansi zimakhala zachinyezi. Yureya amakoka chinyezi n'kuundana. Pa 14 Febuluwale ndinapeza matumba 26 ali pansi penipeni, atatsamira khoma la kumbuyo, pomwe mapaleti opanda kanthu anali panja. Matumba 9 anali atauma gwa ngati mwala, moti tinawagulitsa motsitsa mtengo. Tsiku lomwelo mabotolo a mankhwala ophera mbozi anali pa shelefu imodzi ndi chakudya cha nkhuku, ndipo mbewu yomwe inafika mu Okutobala inali kumbuyo kwa yomwe inafika mu Disembala, kutanthauza kuti yatsopano ndi yomwe inkatuluka poyamba. Mbewu ikakhalitsa mphamvu yomera imachepa, ndipo amene amalira ndi mlimi amene anatikhulupirira.

Pa nkhani imeneyi mbali ina ndi yathu. Munandiuza mu Januwale kuti denga likudontha chakumbuyoko, ndipo ine ndinachedwa kuitana mmisiri. Tinalonjezanso kuti tikuphunzitsani kulowetsa katundu pa kompyuta m'mwezi wanu woyamba, koma chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito munangophunzira theka la tsiku. Sikukanakhala chilungamo kukuweruzani ngati kuti tinakupatsani zonse. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe ndasankhira kuwonjezera nthawi.

Chachitatu ndi nthawi. Buku losainira pageti likusonyeza kuti kuyambira Januwale mwafika mochedwa masiku 11, kawirikawiri cha m'ma 8:00 m'malo mwa 7:30. Munafotokoza kuti mumaperekeza kaye mwana ku sukulu ku Mchengautuwa, ndipo mvula ikagwa akabaza amavuta. Ndamva, koma makiyi ali ndi inu, ndipo mukachedwa aliyense amaima panja.

Kuti ndikutsimikizireni ntchito pa 30 Juni, ndikuyembekezera izi:

1. Thumba, paketi kapena botolo lililonse lisatuluke kapena kulowa popanda chikalata chosainidwa, ndipo khadi lilembedwe katunduyo asanakwere galimoto. Wina akaimba foni, ngakhale ndikhale ine, muuzeni atumize kaye chikalata. Chithunzi cha chikalata chosainidwa pa WhatsApp tidzachilandira, bola chenichenicho chifike pasanathe masiku awiri. Ndawauza kale oyang'anira masitolo athu onse kuti mukawakaniza, mukutsatira lamulo langa.

2. Zonse za tsikulo zilowe pa kompyuta pofika 16:30 tsiku lomwelo, ndipo marisiti aperekedwe kwa wowerengera chuma musanaweruke.

3. Lachisanu lililonse muziwerenga nokha feteleza yense ndi mbewu, n'kundipatsa pepala la zotsatira pofika 15:00. Pa kuwerenga kwa kumapeto kwa mwezi, feteleza agwirizane ndi khadi ndendende. Pa katundu wamng'onowamng'ono, kusiyana kulikonse kukhale ndi chikalata chokufotokoza tsiku lomwelo. Ndikufuna kuona zimenezi pa miyezi iwiri yotsatizana, Meyi ndi Juni. Epulo ndikumuwerengera ngati mwezi wophunzira.

4. Pofika Lachisanu pa 11 Epulo, feteleza yense akhale pa mapaleti, motalikira khoma theka la mita, ndi mpata woti munthu adutse powerenga. Mankhwala onse apite m'kachipinda kokiyidwa, kutali ndi chakudya cha ziweto. Mulu uliwonse ukhale ndi chikwangwani cha tsiku lomwe unafika, ndipo wofika poyamba uzituluka poyamba.

5. Nyumba ya katundu izitsegulidwa 7:30. Pa miyezi itatuyi musachedwe koposa kawiri, ndipo mukaona kuti muchedwa, mundiimbire isanakwane 7:00 kuti ndibwere ndi makiyi apadera.

Ifenso tili ndi zochita. Mmisiri wa denga ayamba ntchito Lolemba pa 7 Epulo. Wowerengera chuma adzakhala nanu ola limodzi Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse m'mwezi wa Epulo kukuphunzitsani za pa kompyuta, ndipo ola limenelo wina adzakugwirirani pakhomo. Pa masiku omwe lole ikutsitsa katundu, mnyamata mmodzi wa kutsogolo azibwera kudzathandiza makasitomala kuti inu muziyang'ana zowerenga ndi kulemba. Tikugulaninso mapaleti 20 owonjezera. Chimodzi mwa izi chikapanda kuchitika pa nthawi yake, mundikumbutse polemba, ndipo cholakwika chobwera chifukwa cha kuchedwa kwathu sichidzawerengedwa pa inu.

Tidzakhala pansi katatu kuti tione momwe zikuyendera: Lachitatu pa 30 Epulo, Lachisanu pa 30 Meyi ndi Lachisanu pa 27 Juni, nthawi ya 14:00. Zokambirana zathu zidzalembedwa, tonse tidzasainira, ndipo mudzapatsidwa pepala lanu. Mutha kubwera ndi mnzanu wa pantchito amene mungamusankhe.

Ndinenenso mosabisa za mathero ake. Mukakwaniritsa zomwe zili pamwambazi, mudzalandira kalata yotsimikizira ntchito pa 30 Juni. Mukapanda kukwaniritsa, sitidzawonjezeranso nthawi, ndipo mgwirizano wathu ukhoza kuthetsedwa. Gawo 26 lomwe lija limalola mbali iliyonse kuthetsa mgwirizano pa nthawi yoyesedwa popanda chidziwitso, koma ine sindidzakudzidzimutsani. Chilichonse chosayenda bwino mudzachimva kwa ine pa zokambirana za mu Epulo ndi Meyi, ndipo ndisanagamule chilichonse mudzapatsidwa mpata wonena mbali yanu.

Ngati mukuona kuti pali mfundo m'kalatayi yomwe si yoona, kapena chiyembekezo china chomwe sichingatheke, ndilembereni pofika Lachisanu pa 4 Epulo ndipo tikambirana. Mulinso ndi ufulu wokafunsa uphungu ku ofesi ya boma yoona za ntchito kuno ku Mzuzu.

Mwapatsidwa makalata awiri ofanana. Sainirani imodzi kusonyeza kuti mwalandira, ndipo muibweze ku ofesi yanga pofika Lolemba pa 31 Malichi. Inayo musunge. Kusainira sikutanthauza kuti mwagwirizana ndi zonse zomwe ndalemba.

A Mhango, ntchito yovuta kuphunzitsa munthu muli nayo kale m'manja: kuchilimika, kulemekeza mlimi ndi kusagwira cha mwini. Yotsalayi ndi ya cholembera ndi khadi, ndipo ndikukhulupirira kuti miyezi itatu ikukwanirani. Lachiwiri pa 1 Epulo ndidzakhala nanu m'nyumba ya katundu kuyambira 7:30, tidzawerenge limodzi sitoko yonse ndi kutsegula makadi atsopano, kuti muyambe ndi manambala omwe tonse tagwirizana.

Ine wanu,

Mayi Chirwa
Woyang'anira Nthambi ya Mzuzu

Kalata yofanana yapita ku ofesi yoona za ogwira ntchito ku likulu, ndipo ina yaikidwa mu failo yanu.