Mitingi ya banja: Loweruka pa 1 Novembala, 15:00 nthawi ya ku Chipata

Amalume aJere, azakhali ku Lusaka, achimwene ndi asisi nonse, alamu athu, muli bwanji uko muliko? Kuno ku Chipata tili bwino, koma kutentha kwa Okutobala uno eee, ngakhale usiku munthu ugona chitseko cha kuchipinda chili pululu. Amayi kumudzi ali bwino, mwendo uja wayambako kupepuka, akuti moni kwa nonse.

Uthengawu ndi wautali pang'ono, pepani, koma chonde muwerenge mpaka kumapeto musanayankhe chifukwa nkhani ya nthawi ya mitingi yazungulira mugulupu muno kokwana, wina akuti madzulo wina akuti m'mawa, ndipo palibe amene akunena kuti madzulo ake a kuti. Madzulo a kuno Chikondi ku Perth amakhala ali mtulo tofa nato. Amalume anati ine ndikhale pansi ndiwerengetse bwinobwino ndibwere ndi nthawi imodzi, ndiye nayi.

Ndikupempha kuti tikumane Loweruka pa 1 Novembala 2025, 15:00 nthawi ya Zambia, pa kolo ya WhatsApp mugulupu momuno. Pa wotchi yanu izikhala motere:

Chipata, Lusaka, Lilongwe ndi Joni: 15:00
Dar es Salaam (achimwene Yohane): 16:00
Dubai (Mabvuto): 17:00
Perth (Chikondi): 21:00
Leeds (asisi Tisiyenji): 13:00
Dallas (achimwene Limbikani ndi alamu): 08:00 m'mawa

Konseko likhala lidakali Loweruka lomwelo, palibe amene adzakhale atadumphira tsiku lina. A ku Lilongwe ndi a ku Joni musavutike kuwerenga, Zambia, Malawi ndi South Africa wotchi ndi imodzi, kuoloka pa Mwami sikusintha kalikonse, kungoti ife timati fifitini inu mumati 3 koloko masana. Achimwene Yohane, 16:00 imeneyo ndi ya pa foni, musaiwerenge mwa Chiswahili muja anthu a kumeneko amayambira kuwerenga maola dzuwa likatuluka.

Manje chifukwa chake 15:00. Amene atipanikiza ndi awiri, achimwene Limbikani kumadzulo ndi Chikondi kum'mawa. Dallas pakali pano ili kumbuyo kwathu ndi maola 7, Perth ili kutsogolo ndi maola 6, ndiye pakati pa awiriwa pali maola 13, wina akamadzuka wina akuyala pogona. Ndinayesa nthawi zonse zimene munatchula mugulupu. Azakhali anati 19:00 tikatha kudya nsima, nthawi yabwino ndithu kwa ife, koma ku Perth imeneyo ndi 01:00 usiku wolowera Sondo. Amalume anati 08:00 m'mawa mutu usanatope, ku Dallas imeneyo ndi 01:00 usiku. Pali mpata wina woti awiriwa onse ali maso bwinobwino, Dallas 18:00 Perth 07:00, koma kuno ndi 01:00, ndani akadzutse amayi nthawi ya afiti kuti akakambe za malata? Ndiye tikati munthu asadzutsidwe 07:00 isanakwane ndipo wina asapitirire 22:00, chotsala ndi kampata kochepa chabe, kuyambira 14:00 mpaka 16:00 nthawi ya kuno. Pa 14:00 ambiri kuno timakhala tikuchokera kumaliro, kuukwati kapena ku Saturday Market, komanso kumudzi dzuwa limakhala lili pamutu ndipo netiweki kwa amayi imagwira pachulu paja kuseri kwa khola pomwe palibe ndi mthunzi womwe. Ndiye 15:00, kuti pofika 16:00 tikhale tamaliza Chikondi akagone.

Asisi Tisiyenji apa ndiye mumvetsere. Lero mukayang'ana, Leeds ili kumbuyo kwathu ndi ola limodzi chabe, ndipo mwina mukuona ngati ndalakwitsa kulemba 13:00 m'malo mwa 14:00. Sindinalakwitse ayi. Pa Sondo likubwerali, 26 Okutobala, ku Mangalande akubweza mawotchi ndi ola limodzi monga amachitira Sondo lomaliza la Okutobala chaka chilichonse, ndiye kuyambira tsiku limenelo kusiyana kwathu kukhala maola 2 mpaka kumapeto kwa Malichi. Foni yanu isintha yokha, koma wotchi ya pakhoma ija timaiona kumbuyo kwanu pa vidiyo kolo, imene ili pamwamba pa firiji, ndi ya batire, siisintha yokha. Mudalire foni. Amalume anafunsa tsiku lija kuti azungu amasinthiranji nthawi ngati alibe zochita, yankho lake ndi loti kwawoko m'chilimwe dzuwa limatuluka molawirira kwambiri n'kulowa mochedwa, ndiye amakankhira wotchi kutsogolo kuti kuwalako kuwathandize madzulo, kukayamba kuzizira n'kubweza. Ife kuno usana ndi usiku sizisiyana kwambiri chaka chonse, wotchi yathu siigwedezeka.

Ku Amerika nako amabweza, koma osati tsiku limodzi ndi Mangalande, iwo amadikira Sondo loyamba la Novembala, chaka chino ndi pa 2. Apa ndi pamene pali nkhani yonse, ndipo ndi chifukwa chake ndikukakamira pa 1 Novembala. Limeneli ndi Loweruka lomaliza Dallas ili kumbuyo ndi maola 7. Kukangocha pa 2 akhala maola 8, Perth siisintha chifukwa chigawo chawo cha Western Australia sichichita nawo zobweza mawotchizi, ndiye pakati pa awiri aja pakhala maola 14 ndipo kampata kathu kachepa kufika ola limodzi basi, 15:00 mpaka 16:00, ndipo achimwene Limbikani azidzuka 07:00. Zikhala choncho mpaka Malichi. Dubai ndi Dar sasintha, Mabvuto iwe uli kutsogolo kwathu ndi maola 2 chaka chonse, ndipo popeza wikendi kumeneko inasamukira Loweruka ndi Sondo kuyambira 2022, za Lachisanu zija usatiuzenso.

Ena mufunsa kuti bwanji osangochita Loweruka lino pa 25. Ndinaliganizira, koma Lachisanu pa 24 ndi Indipendensi, wikendi yaitali, theka la anthu a ku Lusaka lidzakhala pa basi mu Great East Road ndipo pakati pa Luangwa ndi Nyimba foni imangoduladula, komanso asisi ali pa naiti wikendi imeneyo, 14:00 ya kwawo adzakhala akugona.

Ndikudziwa kuti Loweruka azakhali ndi Sabata, ndipo 15:00 dzuwa limakhala lisanalowe. Azakhali pepani ndithu, sikuti ndakuiwalani. Kudikira kuti lilowe cha m'ma 18:00 ndiye kuti ku Perth yakwana 00:00. Ndiye ndaika tsiku lachiwiri, Sondo pa 9 Novembala, 15:00 yomweyo nthawi ya kuno. Aliyense ola lake likhala lomwe lija, Leeds 13:00, Dar 16:00, Dubai 17:00, Perth 21:00, kupatula Dallas yokha imene ikhala 07:00 m'malo mwa 08:00. Kuipa kwake ndi kwakuti asisi 13:00 amakhala akungotuluka mutchalitchi, Chikondi akulawirira kuntchito Lolemba, ndipo tataya sabata ina mvula ili pafupi. Ine maganizo anga ndi pa 1, ndipo ngati azakhali angalole, ndiwaimbira Lachisanu masana Sabata lisanayambe andiuze mawu awo ndikawanene mumitingi, kenaka Loweruka usiku ndiwafotokozere zimene tagwirizana, kanthu kasachitike iwo asanavomere. Koma akakana tipita pa 9, nyumba imeneyi ndi ya mlongo wawo. Pa Sondo la pa 2 sindinaikepo dala, ndi tsiku lomwe mawotchi a ku Amerika akusintha usiku wake, wina adzalowa mitingi itatha n'kumati ndi foni.

Zokambirana ndi zitatu chabe. Denga la nyumba ya amayi, lija la kuchipinda limene chaka chatha linadontha mpaka anaika beseni pabedi, kalipentala wayeza kale ndipo mitengo ya malata ndi misomali ndiitumiza mugulupu tsikulo lisanafike kuti aliyense aione yekha. Feteleza ndi mbewu za munda wa kudambo. Ndi tsiku la chiliza cha atate chaka chamawa, kuti a kunja muyambe kupempha livu ndi kusaka matikiti. Malire ndi ola limodzi. Amalume mutsegule ndi pemphero lalifupi (lalifupi amalume), ine ndilemba zogwirizana. Nkhani ya malire a munda ndi a kwa aTembo isalowemo, imeneyo ndi ya pamphasa anthu akuonana maso.

Ndasankha WhatsApp osati Zoom chifukwa Zoom yaulere imadula pakatha mphindi 40 ndiye kuyambanso kutumizirana malinki, pamene WhatsApp aliyense ali nayo, imalola anthu mpaka 32 ndipo ife sitifika ndi 15 komwe. Tizimitse mavidiyo tikangopatsana moni, mabando kuno ndi odula ndipo kumudzi vidiyo siingalimbe. A kuno tchajani mafoni m'mawa kapena usiku wa Lachisanu malaiti akabwera, musadalire kuti 15:00 adzakhalapo. Ine ndipita kumudzi Loweruka m'mawa ndi pawa banki, ndikakhala ndi amayi pachulu paja ndi mpando wawo ndi ambulera, 14:45 ndiyamba kuitana kuti tiyese mawu.

Amene mukufuna kutsimikiza nokha, pa foni pali wotchi ya maiko, pa iPhone ndi World Clock mu Clock, pa Android nayo ili mu Clock momwemo, onjezani Lusaka, Chipata mwina simuipeza koma ndi chimodzimodzi. Koma muyang'anenso tsiku lomwelo m'mawa, chifukwa zimene ikuonetsa lero ku Leeds zisintha pa 26. Amene muli ndi imelo ndikutumizirani pa Google Calendar, iyo imatembenuza yokha kupita ku nthawi ya kwanu.

Poyankha chonde musangoika chala chokweza, sindidziwa kuti chala chikuvomera tsiku liti. Lembani tsiku ndi ola la kwanu, mwachitsanzo "pa 1, 08:00 Dallas, ndilipo", kuti ngati wina wawerenga molakwa tigwire pompo. Ngati masiku onse awiri ali bwino nenani choncho. Mayankho afike pofika Lachinayi pa 23 Okutobala, 20:00 nthawi ya Zambia, imeneyo ndi 19:00 ku Leeds, 13:00 ku Dallas, 22:00 ku Dubai, Chikondi iwe uyankhe usanagone chifukwa kwanu idzakhala 02:00. Amene sayankha tidzamuwerengera pa 1.

Achimwene Limbikani, ana aja akhale atadzuka, amayi akufuna kuwamva mawu tisanayambe.

Ndine wanu,
Dalitso
Chipata, Lolemba 20 Okutobala 2025