Kutsika Mtengo kwa Pikapu Yatsopano: Njira Ziwiri ndi Ndandanda wa Mtengo wa M'buku

Kwa: Wapampando ndi mamembala a bodi ya kopaletivu
Kuchokera kwa: Akauntanti

Pikapu yathu inayamba ntchito pa 1 Januwale 2025, ndipo tisanatseke mabuku a chaka choyamba bodi iyenera kuvomereza njira yolembera kutsika mtengo kwake, komwe timati dipulisiyeshoni. Mtengo woyambira ndi K40,000,000. M'menemo muli ndalama yogulira, yobweretsera galimotoyi kuchokera ku Dar es Salaam, msonkho wa pachipata ndi kalembera. Inshuwalansi, mafuta ndi sevisi sizilowamo chifukwa zimalembedwa pa zowonongedwa za chaka chomwe zagwiritsidwa ntchito. Tikuyembekezera kuigwiritsa ntchito zaka 5 kenako kuigulitsa pa K8,000,000, choncho ndalama yoti igawidwe m'zaka zimenezi ndi K32,000,000.

Njira ya mlingo wofanana ndi yosavuta: K32,000,000 kugawa ndi 5, chaka chilichonse timachotsa K6,400,000.

Njira ya mtengo wotsala imafuna chidwi. Timasankha peresenti, pano ndatenga 30, n'kuiwerengera pa mtengo wa m'buku wa kumayambiriro kwa chaka chilichonse, kutanthauza mtengo woyambira tikachotsapo dipulisiyeshoni ya zaka zam'mbuyo. Chaka choyamba ndi 30 peresenti ya K40,000,000 yonse, osayamba tachotsa K8,000,000 ija. Ambiri amalakwitsa pomwepa, amayamba achotsa monga m'njira yoyamba, ndandanda wonse n'kusokonekera. Chaka chachiwiri peresenti yomweyo imagwa pa K28,000,000 yotsala, n'kumapitirira motero.

| Chaka | Kutsika (mlingo wofanana) | Mtengo wa m'buku | Kutsika (30 peresenti) | Mtengo wa m'buku |
|---|---|---|---|---|
| 2025 | K6,400,000 | K33,600,000 | K12,000,000 | K28,000,000 |
| 2026 | K6,400,000 | K27,200,000 | K8,400,000 | K19,600,000 |
| 2027 | K6,400,000 | K20,800,000 | K5,880,000 | K13,720,000 |
| 2028 | K6,400,000 | K14,400,000 | K4,116,000 | K9,604,000 |
| 2029 | K6,400,000 | K8,000,000 | K1,604,000 | K8,000,000 |

Onetsetsani mzere wa 2029. Peresenti yathu ikanapereka K2,881,200, mtengo wa m'buku n'kugwera pa K6,722,800, pansi pa mtengo womwe tati tidzagulitsire. Zimenezo siziloledwa, n'chifukwa chake ndachotsa K1,604,000 yokha. Ofuna kutsimikiza mu Excel alembe izi, n'kumasintha 1 wa chaka mpaka 5 mu mzere wachiwiri:

```
=SLN(40000000,8000000,5)
=DDB(40000000,8000000,5,1,1.5)
```

Njira zonse ziwiri zikuchotsa K32,000,000 yomweyo pakutha pa zaka 5. Zikusiyana pa chaka chomwe ndalamayo ikuonekera. Mu 2025 njira yachiwiri ichepetsa phindu la m'mabuku ndi K5,600,000 kuposa yoyamba, ndipo mamembala adzafunsa chifukwa chake pa msonkhano waukulu. Kuyambira 2027 zinthu zimatembenuka. Ku banki sikuchoka tambala iliyonse chifukwa cha dipulisiyeshoni, ndalama inatuluka tsiku logula.

Kusiyanaku kumaluma tikagulitsa msanga. Tiyerekeze kuti pikapuyi yagulitsidwa K17,000,000 kumapeto kwa 2027. Pa mlingo wofanana buku likunena K20,800,000, ndiye tilemba kuluza kwa K3,800,000. Pa njira yachiwiri buku likunena K13,720,000, ndiye tilemba phindu la K3,280,000. Wogula ndi yemweyo, ndalama ndi yomweyo.

Ndikupempha bodi ivomereze njira ya mtengo wotsala. Muyezo wa IAS 16, womwe maakauntanti timatsata polemba katundu wokhalitsa, umalola zonse ziwiri, koma umati njira yosankhidwa izigwirizana ndi mmene katunduyo akutipindulira. Pikapu yotola mbewu m'misewu ya fumbi imagwira ntchito yambiri m'zaka zoyamba. Ikamakalamba imakhalitsa ku galaja, kusintha mashokabu, kilatchi ndi mabeya. Dipulisiyeshoni ikamachepa pomwe ndalama zokonzetsera zikukwera, zowonongedwa pa galimotoyi sizilumphalumpha kwambiri chaka ndi chaka. Mlingo wofanana tiusiyire nyumba yosungiramo mbewu ndi mipando ya mu ofesi, zomwe zimatha pang'onopang'ono mofanana.

Ndandandawu musautenge ngati mtengo wa pamsika. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, magalimoto akale anakwera mtengo pomwe m'mabuku ankatsikabe, ndiye polipira inshuwalansi kapena pogulitsa tizifufuza mtengo wa tsikulo. Msonkho nawonso uli ndi njira yake: MRA imabwezera dipulisiyeshoni yathu pa phindu n'kuchotsa alawansi ya katundu pa mlingo wa m'lamulo la misonkho, kotero chisankho cha bodi sichichepetsa msonkho.

Kumapeto kwa chaka chilichonse tiziunikanso zaka 5 zija ndi K8,000,000 ija. Zikasintha, tidzakonza ziwerengero za zaka zotsala zokha, mabuku otsekedwa kale osawakhudza.