Laputopu ya ku ofesi ya sukulu yakana kuyaka: yambani ndi kupulumutsa mafayilo

A kalaliki, uthenga wanu taumva: laputopu ya HP ya ku ofesi kwanu kufupi ndi Chitakale inazima magetsi atathima Lachitatu, ndipo tsopano ikungoonetsa chizindikiro cha HP n'kuima pomwepo. Malikisi a teremu ino ndi mndandanda wa ana a Fomu 4 zili mommo, kulibe kwina kumene munasunga. Chonde musaipereke kaye kwa aliyense woti aikemo Windows yatsopano. Mafayilo anu amakhala pa hadi disiki, kabokosi kophwatalala kotalika pafupifupi masentimita 10, ndipo nthawi zambiri kamakhala kalibwino ngakhale makina ena onse atafa. Tikope mafayilo poyamba, zokonza laputopu zibwere pambuyo.

Zulani tchaja, fulashi ndi china chilichonse cholumikizidwa. Ngati batire ndi lochotseka kunja, lichotseni. Dinani batani loyatsira osasiya kwa masekondi 30, bwezerani tchaja chokha, muyatse kamodzi basi. Ikamayaka ikani khutu pafupi ndi pamene mumatsamiritsa dzanja polemba. Hadi disiki yabwino imangolira mwakachetechete ikamazungulira. Mukamva "kha, kha, kha" mobwerezabwereza, kapena kukwecha, zimitsani nthawi yomweyo. Mkatimo muli timbale tozungulira ka 5,400 pa mphindi m'malaputopu ambiri, ndi kamutu kowerenga koyandama pamwamba pake osakhudza. Phokosolo likusonyeza kuti kamutuko kakulephera kupeza njira kapena kakukanda mbale, ndipo kuyatsa kulikonse kukuwonjezera bala. Disiki yotere si ya pulogalamu iliyonse. Ikufunika akatswiri okhala ndi chipinda chopanda fumbi.

Ngati kulibe phokoso, njira yosafuna kumasula kanthu ndi kuyatsa laputopu kuchokera pa fulashi. Pezani fulashi ya 8 GB yopanda zofunika, chifukwa zonse zili pamenepo zifufutika. Pa kompyuta ina tengani pa intaneti Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, muilembe pa fulashiyo ndi pulogalamu ya Rufus. Ndi fayilo ya ma GB angapo, choncho bandulo ikhale yokwanira. Lowetsani fulashi, yatsani, mudine F9 kangapo (pa Dell ndi Lenovo zambiri ndi F12), musankhe fulashiyo. Pakabwera mawu awiri, sankhani Try Ubuntu. Musakhudze Install Ubuntu, ingalembe pamwamba pa zonse. Mukatsegula Files mudzaona disiki ya laputopuyo, ya 500 GB. Lowani mu Users, kenako foda ya dzina lanu, mukope Desktop, Documents, Downloads ndi Pictures kupita pa disiki ina yakunja. Yambani ndi malikisi ndi mndandanda wa ana. Mavidiyo a tsiku la masewero adikire, chifukwa disiki yodwala imatha kufa ntchito ili mkati.

Ubuntu nthawi zina imakana kutsegula disikiyo chifukwa Windows sinatseke bwino. Musaikakamize kukonza. Itseguleni mongowerenga basi, pa Terminal:

```
lsblk -o NAME,SIZE,MODEL
sudo mount -o ro /dev/sda3 /mnt
```

Lamulo loyambalo likuonetsani mayina ndi kukula kwa zigawo za disiki, lachiwirilo litsegula chigawocho mu foda ya `/mnt`. Chigawo chachikulu kwambiri ndiye cha mafayilo anu, ndipo ngati dzina lake si `sda3` lembani limene mwaliona.

Laputopu ikakhala kuti siyaka n'komwe, kapena sikirini ndi yakuda, disiki ichotsedwe. Zulani tchaja, gwirani kaye chitsulo ngati felemu ya zenera kuti magetsi a m'thupi achoke, masulani chivundikiro chapansi, ndipo ngati batire lili mkati zulani waya wake musanakhudze china. Masikuluwu ayaleni pa pepala monga munawachotsera, chifukwa amasiyana kutalika ndipo lalitali likalowa pa bowo lalifupi limaboola bolodi. Disiki ya mainchesi 2.5 imafuna adaputa ya SATA yopita ku USB. Ngati mupeza kakhadi kopyapyala kokhala ngati chingamu, ndi SSD ya M.2, ndipo izi zili mitundu iwiri: ya NVMe kawirikawiri ili ndi mpata umodzi pamano ake, ya SATA iwiri. Werengani chomata chake musanatume munthu ku Limbe kukagula kabokosi koilumikizira ku USB, poti timabokosi tambiri timalandira mtundu umodzi wokha. Malaputopu ena otsika mtengo ali ndi disiki ya eMMC yowotcherera pa bolodi. Imeneyo sichotseka, bolodiyo iyenera kudzutsidwa.

Ngozi yaikulu ili pamene mwalumikiza disikiyo pa kompyuta ina ya Windows. Pakhoza kutuluka uthenga wakuti "You need to format the disk in drive E: before you can use it", kapena wa Initialize Disk. Dinani Cancel. Nthawi zambiri uthengawo umangotanthauza kuti kaundula wosonyeza pamene fayilo iliyonse ili wasokonekera, mafayilo enieniwo akadalipo. Musayendetsenso `chkdsk`. Ntchito yake ndi kuwongola kaundula, ndipo zimene sakuzimvetsa amazidula n'kuzitaya mu foda ya `found.000` ngati tizidutswa topanda mayina. Reset this PC nayonso isiyeni, makamaka Remove everything. Pulogalamu yobwezera mafayilo isaikidwe pa disiki yodwalayo, ndipo zopulumutsidwa zisasungidwe pomwepo, chifukwa chilichonse cholembedwapo chingagwere pa fayilo imene mukuisakayo.

Kukopa kukamaima pa fayilo imodzi kwa mphindi zambiri, disikiyo ili ndi malo owonongeka. Lekani kukopa fayilo imodziimodzi. Koperani disiki yonse kamodzi ndi `ddrescue`, imene pa Ubuntu imabwera mu `gddrescue`, kupita pa disiki yakunja ya 1 TB:

```
sudo ddrescue -n /dev/sda /media/ubuntu/NKHOKWE/hp.img /media/ubuntu/NKHOKWE/hp.map
```

Imayamba ndi malo abwino, ovuta n'kuwadumpha. Fayilo ya `hp.map` imasunga pamene yafika, choncho magetsi akathima mukalembanso lamulo lomwelo ipitiriza pomwe inalekeza. Zimatenga maola angapo, mwina usiku wonse. Yang'anitsitsani kawiri kuti `/dev/sda` ndiyo disiki yodwala, ndipo pa `NKHOKWE` lembani dzina la disiki yanu yakunja. Zikatha, pulogalamu yobwezera mafayilo, TestDisk kapena PhotoRec, igwire ntchito pa `hp.img`, disiki yeniyeniyo ipume. Dziwani kuti PhotoRec imabweza mafayilo opanda mayina ake akale, mudzafunika kutsegula limodzilimodzi.

Disiki ikakufunsani kiyi ya BitLocker, loko wa Windows wotseka mafayilo, kiyiyo ndi manambala 48, ndipo palibe wokonza makompyuta angathyole loko ameneyu. Kiyiyo kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya amene anayatsa laputopuyo koyamba, pa account.microsoft.com/devices/recoverykey. Ngati laputopu inabwera ngati mphatso kusukulu, funsani amene anaipereka, ndipo chitani zimenezi lero lomwe.

Wina akuuzani kuti ikani disiki mu fuliji. Musatero. Ndi chinyontho cha kuno kunsi kwa phiri, makamaka masiku a chiperoni, ikangotuluka imachita thukuta kunja ndi mkati momwe. Musaimenye, ndipo musamasule chivundikiro cha disiki yeniyeniyo, chifukwa kafumbi kamodzi n'kokulirapo kuposa mpata wa pakati pa kamutu ndi mbale. Ngati denga linadonthera pa laputopu, mpunga suthandiza. Musaiyatse, zulani batire, chotsani disiki muiwerenge payokha.

Mukasankha kubwera ndi laputopuyo kuno kapena kupita nayo ku Blantyre, izimitseni kwenikweni podina batani kwa masekondi 10, isakhale yongogona. Ikulungeni m'nsalu youma ndi pulasitiki, muinyamule pamiyendo mu minibasi, osati kumbuyo pamodzi ndi matumba a nanazi. Tengani tchaja chake, disiki yokoperamo, ndi pepala lolemba mayina a mafoda ofunika kwambiri. Musanavomere kuti aikemo Windows yatsopano, tsegulani nokha mafayilo a malikisi a kalasi iliyonse pa kompyuta ina, muone kuti manambala akuwerengeka.