Kalata kwa ogwira ntchito onse: tisiye sinaji ndi levereji, tilembe zomveka

Kwa: Ogwira ntchito onse m'madipatimenti onse
Kuchokera kwa: Mkulu woyang'anira kayendetsedwe ka ntchito
Tsiku: Lolemba, pa 10 Marichi 2025
Nkhani: Mawu oyenera kugwiritsa ntchito m'makalata, m'zidziwitso ndi m'malipoti a pa kampani

Anzanga nonse,

Kuyambira Lachiwiri pa 1 Epulo 2025, kalata iliyonse yopita kwa ogwira ntchito, chidziwitso chokhomedwa pa bolodi, imelo yopita ku gulu ndi lipoti la pamwezi zizilembedwa ndi mawu amene wina aliyense pa kampani pano angawamve atangowerenga kamodzi. Mawu monga sinaji, levereji, alayinimenti, optimaiza, bandiwidi ndi ena amtundu womwewo tisawalembenso, kaya kalatayo ili m'Chingerezi kaya m'Chichewa. Akuluakulu a madipatimenti anagwirizana mfundoyi pamsonkhano wawo wa Lachinayi lapitali, ndipo ndalemba kalata ino kuti ndifotokoze chifukwa chake ndi mmene tiichitire.

Ambiri mukukumbukira chidziwitso cha mwezi watha chokhudza dipatimenti ya malonda ndi dipatimenti yotumiza katundu. Chinanena kuti kampani ikufuna kupeza sinaji pakati pa madipatimenti awiriwa ndi kuchita levereji zipangizo zimene ili nazo kale. Tsiku lomwelo anthu anayamba kufunsana ngati ena achotsedwe ntchito, madalaivala anafuna kudziwa ngati magalimoto ena agulitsidwe, ndipo ofesi yoona za ogwira ntchito inatha sabata yonse ikuyankha mafunso a anthu amene anali ndi nkhawa. Chimene chidziwitsocho chinkafuna kunena n'chochepa kwambiri: madipatimenti awiriwa azigwiritsa ntchito kaundula mmodzi wa maoda m'malo mwa awiri, ndipo galimoto yopita kukasiya katundu izikatenganso katundu wobwezedwa kuti isamabwerere yopanda kanthu. Palibe amene akuchotsedwa ntchito chifukwa cha kusinthaku, ndipo palibe galimoto imene ikugulitsidwa.

Amene anada nkhawa sanalakwitse kuwerenga. Mawu akuti sinaji anachokera ku Chigiriki, kumene amatanthauza kugwirira ntchito limodzi, koma m'nkhani za makampani, makamaka pamene makampani awiri akuphatikizana, nthawi zambiri amanena za ndalama zimene zipulumutsidwe pochotsa ntchito zobwerezabwereza, ndipo kawirikawiri zimenezi zimaphatikizapo kutseka maofesi ndi kuchepetsa anthu. Munthu amene anamvapo mawuwa kwina ali ndi chifukwa chabwino chochitira mantha akawaona pa bolodi ya kuntchito kwake. Vuto lalikulu la mawu otere ndi lomweli: amatha kunyamula nkhani yabwino ndi yoipa mofanana, ndipo wowerenga amasiyidwa kuti aganize yekha kuti ndi iti mwa ziwirizi imene ikumuyembekezera.

Sindikupatsani mndandanda woti paliponse pamene panali sinaji muzingoikapo mgwirizano. Tikatero ndiye kuti tangosintha chinenero koma chisokonezo chikadalipo, chifukwa chiganizo chakuti tikufuna kulimbikitsa mgwirizano pakati pa madipatimenti sichiuza munthu chochita Lolemba m'mawa. Chimene ndikupempha n'chakuti mukafika pamene dzanja likufuna kulemba liwu lotere, muime ndi kudzifunsa kuti kodi ndani achite chiyani, ndipo pofika liti. Yankho la funso limenelo ndi limene liyenera kulowa m'kalata. Nthawi zina mudzapeza kuti sinaji imene mumafuna kulemba ikutanthauza kuti magulu awiri azikumana Lachitatu lililonse, nthawi zina kuti azigula mapepala ndi inki pamodzi kuti mtengo utsike, nthawi zinanso kuti ntchito imene inkachitika kawiri izichitika kamodzi. Ndipo padzakhala masiku amene mudzapeza kuti yankho palibe, kutanthauza kuti nkhaniyo sinapse ndipo kalatayo isatumizidwe kaye mpaka amene akuyenera kugamula atagamula.

Levereji ndi liwu lofunika kulisamala mwapadera chifukwa lili ndi matanthauzo awiri pa kampani pano. Poyambirira limanena za mphamvu imene munthu amapeza akatukula chinthu cholemera ndi mtengo kapena chitsulo chachitali, koma m'makalata ambiri a m'maofesi langosanduka njira yaitali yonenera kuti kugwiritsa ntchito. Wolemba kuti tichite levereji ubale wathu ndi makasitomala akale alembe kuti tiimbire foni makasitomala amene anagula kwa ife chaka chatha ndi kuwauza za katundu watsopano. Kwa anzathu a ku akaunti, liwu lomweli lili ndi tanthauzo lenileni la ntchito yawo, ndilo kukula kwa ngongole za kampani poyerekeza ndi ndalama zimene eni ake anaikamo. Polemberana okhaokha, kapena polembera banki ndi oona za kawerengedwe ka ndalama ochokera kunja, apitirize kuligwiritsa ntchito m'tanthauzo limenelo. Koma lipoti lawo likamapita kwa tonse, alembe kuti ngongole zathu zakwera kapena zatsika ndi kutchula chiwerengero chake, chifukwa woyang'anira nyumba yosungiramo katundu akawerenga kuti levereji yathu yakwera angaganize kuti ndi nkhani yosangalatsa pamene ikunena za kuchuluka kwa ngongole.

Mawu enawo savuta kwenikweni. M'malo molemba kuti mulibe bandiwidi, lembani kuti sabata ino simupeza nthawi ndipo tchulani tsiku limene muipeze. M'malo mopempha alayinimenti, nenani mfundo imene mukufuna kuti tigwirizane ndi anthu amene ayenera kuvomereza. Masitekiholida atchuleni mayina a magulu awo, kaya ndi makasitomala, otigulitsa katundu, mabungwe a boma kapena ogwira ntchito, popeza aliyense mwa amenewa amafikiridwa m'njira yosiyana. Delivarebo ndi lipoti, ndandanda kapena katundu amene ayenera kuperekedwa, choncho tchulani chinthucho. Optimaiza imafuna kuti munene chimene chichepe kapena chiwonjezeke, kaya ndi mafuta, nthawi yodikira kapena katundu wowonongeka.

Pali gulu lina la mawu limene ndikufuna kulinena mosabisa, ndilo mawu ophimba nkhani zowawa, monga raitisaizing'i ndi risitirakicharing'i. Ngati tsiku lina kampani idzafika poti maudindo ena athe, maola owonjezera achepe kapena nthambi itsekedwe, kalata yake idzanena zimenezo m'ndime yoyamba, ndipo idzatchula chiwerengero cha anthu okhudzidwa, tsiku limene kusinthako kuyambe ndi ofesi imene angapiteko ndi mafunso awo. Munthu amene ntchito yake ikukhudzidwa ali ndi banja ndi mapulani ake, ndipo sayenera kuvutika kumasulira kalata kuti adziwe ngati mwezi wamawa alandira malipiro. Kwa ine iyi ndiyo mbali yaikulu ya lamuloli, ndipo ikumanga akuluakulu a kampani kuposa wina aliyense.

Pamsonkhano wa Lachinayi ena anadandaula kuti kulemba mophweka kungationetse ngati osadziwa ntchito pamaso pa makampani ena ndi mabanki. Dandaulo limeneli ndalimva, koma sindikugwirizana nalo. Ku Amerika, bungwe la boma loyang'anira msika wa masheya linatulutsa mu 1998 buku lothandiza makampani kulemba zikalata zawo m'mawu omveka, ndipo mu 2010 dzikolo linakhazikitsa lamulo loti nthambi za boma zizilembera anthu momveka bwino. Mu 2023 bungwe la dziko lonse loona za miyezo linatulutsa muyezo wa ISO 24495-1, umene umati cholembedwa chabwino n'chimene chili ndi zimene wowerenga akufunikira, zimene angazipeze mosavuta, kuzimvetsa ndi kuzigwiritsa ntchito. Ngati zikalata za masheya, zimene n'zovuta kuposa makalata athu onse, zingalembedwe momveka, ndiye kuti chidziwitso cha kaundula wa maoda sichingatikanike. Komanso pondichitikira ine, kulemba momveka kumafuna kudziwa ntchito kwambiri, chifukwa wolemba sangabisale: ayenera kudziwa tsiku, chiwerengero ndi munthu woyenera kuchita chinthucho.

Lamuloli silikuletsa mawu onse obwereka kapena mawu a luso. Invoisi, risiti, bajeti, oda, sitoko ndi inshulansi ndi mayina a zinthu zenizeni zimene tonse timazigwira tsiku ndi tsiku, ndipo kuwasintha kungangobweretsa chisokonezo china. Mayina a mapulogalamu a pa kompyuta ndi mawu a m'makontirakiti akhale mmene alili, ndipo pa kontirakiti iliyonse mawu otsiriza ndi a loya wa kampani. Muyezo wake ndi umodzi: ngati liwu likutchula chinthu chimene wowerenga angachiloze kapena ntchito imene angaichite, likhale, ngati lingachotsedwe popanda kutayika uthenga uliwonse, kapena ngati anthu awiri angalimve mosiyana, lichoke.

Kachitidwe kake kadzakhala motere. Kalata iliyonse yopita kwa anthu a kunja kwa dipatimenti yanu, musanaitumize, muziipereka kwa mnzanu mmodzi wa dipatimenti ina kuti awerenge kamodzi kenako akuuzeni ndi pakamwa chimene akuyenera kuchita. Akanena zosiyana ndi zimene mumafuna, konzani kalatayo, osayamba kumufotokozera, chifukwa ena onse amene adzailandire sadzakhala nanu pafupi kuti muwafotokozere. Mfundo yaikulu izikhala m'ndime yoyamba, ndipo pamene pali ntchito yoti ichitike, chiganizo chizitchula woichita. Tisamalembe kuti lipoti lidzakonzedwa, koma kuti dipatimenti ya akaunti idzakonza lipoti pofika Lachisanu. Kalata imene ikutuluka m'zinenero ziwiri iziyamba yakonzedwa bwino m'chinenero choyamba isanapite kwa womasulira, popeza womasulira akakumana ndi liwu lopanda tanthauzo lokhazikika amakakamizika kungoganizira, ndipo mapeto ake makalata awiriwo amanena zosiyana.

Ofesi yoona za ogwira ntchito ikonzanso mafomu a malipoti a pamwezi ndi mafomu ounikira kagwiridwe ka ntchito pofika Lachisanu pa 28 Marichi, chifukwa ambiri mwa mawu amenewa akuchokera m'mitu ya mafomuwo ndipo anthu amangowabwereza poyankha. Mkulu wa dipatimenti iliyonse asankhe makalata atatu amene dipatimenti yake inatulutsa chaka chino, awalembenso pamodzi ndi anthu ake, ndipo anditumizire akale ndi atsopano pofika Lachisanu pa 21 Marichi. Palibe amene adzalangidwe chifukwa cha liwu limene lamupulumuka. Kalata yotero idzangobwezedwa kwa mwini wake kuti aikonze, ndipo zimenezi zikukhudzanso makalata ochokera mu ofesi yanga. Mukalandira kalata imene simukuimva, muli ndi ufulu woibweza kwa woilemba, kaya ndi wamkulu motani, ndi kumufunsa kuti akufuna kuti muchite chiyani.

Amene muli ndi mafunso, kapena mukudziwa mawu ena amene akusokoneza anthu m'dipatimenti yanu, mundilembere kapena mufike ku ofesi yanga pasanafike pa 21 Marichi kuti tiwaganizire pokonza mafomu atsopano.

Ndine wanu pa ntchito,
Mkulu woyang'anira kayendetsedwe ka ntchito