Lipoti la katundu wa pa mashelefu, kuchokera pa zithunzi za pa 14 Okutobala 2025

Bwana,

Ndaona zithunzi 18 zimene wogulitsa ananditumizira Lachiwiri madzulo atatseka shopu. Katundu amene akuoneka pa mashelefu ndi pafupifupi 690. Sangachepere 610 ndipo sangapitirire 775, kutanthauza kuti ndingaphonye ndi 12 peresenti kumtunda kapena kumunsi. Mukamakonza oda, chonde tsamirani ku nambala yotsikayo. Chifukwa chake chili m'munsimu.

Pa shelefu iliyonse ndinawerenga zimene zili pamzere wakutsogolo, kuchulukitsa ndi zosanjikizana, kenaka ndi mizere imene ingakwane kulowera kukhoma. Kutsogolo kumaoneka bwino. Kumbuyo ndi kumene kuli vuto, pakuti wogulitsa waluso amakokera katundu kutsogolo kuti shelefu izioneka yodzaza, ndiye kamera imaona khoma la sopo pamene kuseri kwake kungakhale phanga. Pofuna kudziyesa, ndinapempha kuti mashelefu awiri awerengedwe pamanja. Makope ndinati 96, anapezeka 90. Mapaketi a makandulo ndinati 60, anapezeka 57. Kawiri konse ndinapitiriza, ndi 7 peresenti ndi 5 peresenti. Pa ziwirizi ndalemba nambala za pamanja.

Sopo wochapira wamtanda: pafupifupi 210, pakati pa 190 ndi 230. Kutsogolo kuli mitanda 12, yosanjikizana isanuisanu, ndipo shelefu imalola mizere inayi. Ikanakhala yodzaza ikanakhala 240. Koma pa chithunzi cha nambala 7, chojambulidwa chammbali, mzere wa kukhoma ukulekezera pakati, mpaka thabwa la shelefu likuoneka. Ndachotsapo 30.

Mankhwala otsukira mano: pafupifupi 100, pakati pa 95 ndi 108. Timabokosi tasanjidwa bwino, 9 kutsogolo, 4 kukwera, mizere itatu, choncho 108 ndiwo malire, sizingapose apo.

Mafuta odzola a m'mabotolo: 39, kuphonya kwake sikungapose awiri. Apa ndili ndi chikhulupiriro, chifukwa chithunzicho chinajambulidwa kuchokera pamwamba ndipo ndinawerenga zivindikiro chimodzichimodzi.

Mabatire a pa makadi: pafupifupi 45, pakati pa 36 ndi 54. Apachikidwa pa timawaya 6, ndipo khadi lakutsogolo limabisa anzake. Ndangoyerekeza poona utali wa waya umene watsala poyera.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi dengu la timapaketi ta sopo waufa. Tathiridwa mulu, tina tapindika, tina taima chammbali, komanso kuwala kwa babu kwagunda papulasitiki mpaka mbali imodzi ya chithunzi yangoti mbee. Pamwamba ndawerenga 31, ndipo poona kuzama kwa dengu ndikuganiza kuti mulu ndi wa misanjo isanu. Ndalemba 150, koma tingakhale 105 kapena 195. Kumeneko ndi kuphonya kwa 30 peresenti, ndipo dengu lokhali likutenga kuposa theka la kukayika konse kwa lipotili. Akati awerenge pamanja, ntchito yosapitirira mphindi 10, malire a lipoti lonse atsika kufika pafupifupi 6 peresenti. Ndikupempha kuti zimenezi zichitike mawa m'mawa asanatsegule.

Makatoni 7 otseka amene ali pa shelefu yapamwamba sindinawaphatikize. Awiri akuoneka kuti tepi yake inamatulidwa n'kumatidwanso, ndiye nambala yolembedwa pakatoni siingatiuze zimene zatsala m'katimo. Katundu wa m'sitolo yakumbuyo nayenso mulibe muno, palibe chithunzi chake.

Pa za oda: mabatire ndi mafuta odzola ndiwo atsika, mungaitanitse sabata ino osadikira. Sopo wamtanda ndi mankhwala otsukira mano alipo okwanira ngakhale titatenga nambala yotsika. Sopo waufa ayambe wawerengedwa.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse, Bwana. Nambala zimenezi zisagwiritsidwe ntchito pofunsa wantchito aliyense za katundu wosowa. Ngati buku likunena mitanda 225 ine n'kunena 210, kusiyana kwa 15 kuli m'kati mwa kuphonya kwanga, si umboni woti wina watenga kanthu. Nkhani yotere imafuna kuwerenga pamanja, anthu awiri ali pomwepo, buku lili potsegula.

Ulendo wina wojambula aime moyang'anizana ndi shelefu, ajambule kutsogolo, chammbali ndi pamwamba, asayatse kuwala kwa foni, ndipo ajambule katundu asanakokeredwe kutsogolo.

Ine wanu,
Wowerengera katundu
15 Okutobala 2025